Mmene kompyuta imapezera mzere wowongoka pochititsa chisankho

Chithunzi chikalowa mu kompyuta chimakhala timadontho tokhatokha, ndipo palibe kadontho kamene kamasonyeza kuti kali pamzere umodzi ndi kanzake. Kompyuta imayamba ndi kutola timadontho ta m'malo amene kuwala kwasintha mwadzidzidzi, monga m'mphepete mwa msewu kapena mwa denga. Komabe timadonthoto timakhala todukizadukiza, tina tongosochera. Njira yotchuka yodziwira timene tikupanga mzere ndi ya Paul Hough wa ku America, yemwe anaipangira ntchito younika zithunzi za mikwasa ya tizidutswa ta atomu, ndipo analandira chiphaso cha umwini wake mu 1962. Mfundo yake ndi yakuti kadontho kalikonse kaponye voti.

Chisankho chisanayambe, mzere uliwonse umafunika dzina la manambala awiri. Richard Duda ndi Peter Hart mu 1972 anakhazikitsa katchulidwe kamene kakugwirabe ntchito mpaka lero. Kuchokera pa ngodya ya chithunzi pamene x ndi y zonse ndi 0, amajambula kamzere kachidule kwambiri kokafika pamzere wofunidwawo. Kutalika kwa kamzereko ndi ρ, ndipo kupendekeka kwake, m'madigiri, ndi θ. Kadontho (x, y) kamakhala pamzerewo ngati

```
ρ = x cos θ + y sin θ
```

Katchulidwe ka kusukulu ka `y = mx + c` kanasiyidwa chifukwa mzere woima chilili ulibe m wolembeka.

Kenako pamakonzedwa tebulo la mavoti, momwe kabokosi kalikonse kakuimira mzere umodzi, ndipo tonse timayambira pa 0. Popeza pakadontho kamodzi pangadutse mizere yambirimbiri, kadonthoko kamavotera yonse: pa θ aliyense kompyuta imawerengera ρ n'kuwonjezera voti imodzi m'kabokosi koyenera.

Chitsanzo cha timadontho tinayi chikuonetsa bwino zimenezi: A (10, 30), B (20, 20), C (30, 10) ndi D (40, 30). Poyesa madigiri anayi okha, kadontho kalikonse kaponya mavoti anayi, onse pamodzi 16.

Pa madigiri 0, ρ amangokhala x, choncho mavoti akugwera pa 10, 20, 30 ndi 40, aliyense kwayekha. Pa madigiri 45, x ndi y zimaphatikizidwa n'kuchulukitsidwa ndi 0.707. Kwa A, B ndi C kuphatikizako kukupereka 40, ndiye onse atatu akugwera pa 28, pamene D akupita pa 49. Pa madigiri 90, ρ amakhala y: 30, 20, 10 ndi 30, kotero A ndi D akumana pa 30. Pa madigiri 135 mavoti akubalalikanso: 14, 0, −14 ndi −7.

Powerenga, kabokosi ka ρ = 28 pa madigiri 45 kali ndi mavoti atatu, ka ρ = 30 pa madigiri 90 kali ndi awiri, ndipo timabokosi 11 tili ndi voti imodzi imodzi. Wopambana ndi mzere `x + y = 40`, womwe ukudutsa pa A, B ndi C. Kadontho kosochera D sikanasokoneze chilichonse, ndiponso mipata ya pakati pa timadontho titatuto sinalepheretse mzere kupezeka. Apa ndiye pagona mphamvu ya njirayi.

Mavoti awiri a A ndi D si umboni wa kanthu, pakuti timadontho tiwiri tilitonse tikhoza kulumikizidwa ndi mzere. N'chifukwa chake pamaikidwa malire a mavoti oyenera kukwana. Malirewo akatsika kwambiri chithunzi chimadzaza mizere yabodza, akakwera kwambiri mizere yaifupi imasowa.

Kukula kwa timabokosi nako kumavuta. B atangosuntha pang'ono n'kukhala pa (20, 21), ρ wake akhala 29, ndipo mavoti atatu aja agawikana: awiri pa 28, imodzi pa 29. Mzere weniweni wafanana tsopano ndi wabodza uja. Chizindikiro cha vutoli ndi timabokosi toyandikana tokhala ndi mavoti ocheperapo m'malo mwa kamodzi kodzaza. Kabokosi kotenga ρ kuyambira 25 mpaka 29 kangabweze mavoti atatuwo pamodzi, koma timabokosi tikakulitsa, mizere iwiri yoyandikana imaoneka ngati umodzi.

Chomaliza n'chakuti ρ ndi θ sizinena pamene mzere wayambira kapena pamene wathera. Kuti zimenezo zidziwike, kompyuta imabwerera ku chithunzi, n'kutsata timadontho timene tinavotera kabokosi kopambana, ndipo imadula mzere paliponse pamene mpata wakula kuposa muyezo woikidwa.