Kope la ngongole linamasulira za mumtima

Mnyamata wa pa okala yachitatu kuchokera pachipata cha msika wa Ndirande amadziwa kuwerenga makasitomala. Munthu akaima nthawi yaitali akuyang'ana shuga woyeza, iye amadziwiratu kuti afuna kupempha ngongole. Amene ankamusokoneza mutu ndi mtsikana wa pa benchi yoyandikana naye, wogulitsa tomato ndi anyezi wokapikula ku Bvumbwe.

M'mamawa mtsikanayo akatsitsa madengu ake ankamuikira mnyamatayo mandasi awiri pa kauntala osanena kanthu. Iye akapita kukaoda katundu ku Limbe, mtsikanayo ankamulondera okala, ndipo pobwera ankapeza ndalama zili bwinobwino, zonse zogulitsidwa zitalembedwa pa katoni. Koma masiku ena munthu yemweyo ankasinthiratu nkhope. Moni ankayankha ndi mutu wokha. Akatenga mafuta ophikira a K500 ankalipira pomwepo, ndipo mnyamatayo akati "siyani, achemwali," iye ankakana kwamtuwagalu.

"Achimwene, malonda ndi malonda. Landirani ndalama yanu," ankatero mokweza mawu kuti a mabenchi ena amve.

Anzake a kabaza ankamuuza kuti mtsikanayo akungomuseweretsa. Mayi wina wogulitsa usipa anamulangiza zina: "Mwanawe, pamsika kulonderana malonda si chikondi. Tonsefe timatero. Uyang'ane chimene amakuchitira iwe wekha."

Mawu amenewa anamuthandiza kupatula zinthu. Kulondera okala, kusintha ndalama yaikulu, kubwerekana jumbo, mtsikanayo ankachitira aliyense mumzere wawo. Koma mandasi sankaikira wina aliyense. Ndiponso ndi iye yekha amene ankamusungira tomato wolimba, wosabonyezeka, pansi pa benchi, pamene makasitomala ankasankha okha pa milu.

Funso linatsala la masiku aja amene mtsikanayo ankasinthiratu nkhope. Yankho analipeza m'kope lake la ngongole. Usiku wina akuwonkhetsa, anaona kuti masiku onse amene mtsikanayo analipira pomwepo mokweza mawu anali Lachinayi kapena Lachisanu. Lachisanu madzulo ndi pamene gulu lawo la banki m'khonde limakumana, ndipo mtsikanayo ndiye msungichuma. Mnyamatayo anali atabwereka kugululo K100,000 yowonjezera mpamba, yoti abweze ndi chiwongoladzanja cha K20,000, ndipo anali atapempha kale kamodzi kuti amuwonjezere masiku.

Apa zinayamba kumveka. Msungichuma wa banki m'khonde amasunga ndalama za anthu amene amamuona tsiku ndi tsiku. Anthu akangonong'onezana kuti akukondera wobwereka wina chifukwa cha chibwenzi, chikhulupiriro chimatha, ndipo pogawana ndalama mu Disembala, kandalama kakasowa, chala chimaloza iye. Mtsikanayo sankakana mnyamatayo. Ankateteza dzina lake pamaso pa amayi amene anamusankha.

Komabe mnyamatayo sanafune kudalira zongoganiza. Anadziwa kuti kope likhoza kuonetsa masiku, koma silinganene zimene munthu akufuna. Anasiya kaye kuoda zinthu zochedwa kutha monga mafuta odzola, n'kulimbikira sopo, mchere, machesi ndi ufa wa m'timapepala, zimene zimayenda tsiku lililonse. Pakutha pa milungu itatu anabweza K120,000 yonse pamaso pa gulu, mlembi n'kufufuta dzina lake.

Lolemba lotsatira, msika usanadzaze, anamupeza mtsikanayo akupanga milu.

"Achemwali, ngongole ija ndamaliza. Tsopano ndikufuna kufunsa chinthu chimene si cha malonda. Mukandikana sindidzakuvutitsani, ndipo tipitiriza kulonderana monga kale."

Mtsikanayo anamaliza kaye mulu umene ankapanga, napukuta manja pa chitenje.

"Mukanafunsa mwezi wathawu ndikanakana, ngakhale mtima ukanandipweteka," anatero. "Amayi a m'gulumo akanati ndalama zawo ndikudyera limodzi ndi inu. Ine pano ndimadyetsa amayi anga ndi ang'ono anga awiri. Dzina langa likaipa, benchi ino yatha."

"Nanga lero?"

"Lero funso lanu ndalimva. Koma ine si wa zibwenzi za kuseri kwa mabenchi. Amalume anga amakhala ku Bvumbwe, ndipo nkhani ngati imeneyi imayambira kwa iwo."

Anagwirizana zinthu ziwiri m'mawa womwewo. Mnyamatayo sadzabwerekanso kugululo nthawi yonse imene mtsikanayo ali msungichuma, ndipo aliyense apitiriza kusunga ndalama za malonda ake payekha mpaka chinkhoswe chitachitika. Loweruka mnyamatayo anatseka okala masana, nakwera minibasi kukauza amalume ake kuti ayambe kukonzekera ulendo wa ku Bvumbwe.