N'chifukwa chiyani tsamba limadumpha pa foni mzere wa adiresi ukabisala?

Mwatsegula webusaiti pa foni, mwayamba kuwerenga, mwakankha tsamba ndi chala kuti mupite m'munsi. Mutangochotsa chala, chithunzi chatutumuka pang'ono, mawu asuntha, ndipo pomwe munawerenga mpaka muchite kupasakanso. Tsiku lina vuto limakhala losiyana: tsamba latseguka bwinobwino koma batani loti mudine ladukira pakati kunsi kwa sikirini, kapena silikuoneka n'komwe. Ambiri amaloza chala netiweki kapena foni yawo. Koma zonse ziwirizi gwero lake ndi limodzi, kamzere kapamwamba kosonyeza adiresi ya webusaiti, kamene kamabisala mukamatsika ndi kubweranso mukamakwera.

Opanga mabrawuza a pa foni anakonza dala kuti kamzereka kazibisala, poti sikirini ya foni ndi yaing'ono ndipo malo alionse ngofunika. Zotsatira zake n'zakuti zenera limene tsamba limaonekeramo lili ndi misinkhu iwiri. Kamzere kakamaoneka zenera limafupika, kakabisala limatalika. Mu Chrome ya pa Android kamzereka nthawi zambiri kamatenga mapikiseli 56. Mu Safari ya pa iPhone kusiyanako kumatha kuposa apa, chifukwa mabatani a brawuza nawonso amabisala.

Tsono wopanga webusaiti nthawi zambiri amafuna kuti chigawo choyamba cha tsamba chidzaze zenera lonse: chithunzi chachikulu, mutu, ndi batani kunsi. Mu CSS, malamulo amene amauza brawuza kaonekedwe ka tsamba, muyezo wakale wochitira zimenezi ndi `vh`. `1vh` ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a kutalika kwa zenera, kotero `100vh` ndi zenera lathunthu. Pa kompyuta palibe chovuta, zenera silisintha munthu akamatsika. Pa foni m'pamene funso limabuka: zenera lake liti, lalifupi kapena lalitali?

Kale Chrome ya pa Android inkatsatira zenera momwe lilili pa nthawiyo. Kamzere kakabisala, `100vh` inkakula, zigawo zonse n'kutalika, tsamba n'kugwedezeka. Safari inasankha njira ina: inakhomerera `vh` pa zenera lalitali, osasinthanso. Mu 2015 wina atadandaula kwa okonza WebKit, injini ya Safari, kuti `100vh` ikupitirira sikirini, anamuyankha kuti n'zadala, osati cholakwika. Chrome nayo inatengera nzeru yomweyo kuyambira Chrome 56, kumayambiriro kwa 2017. Kugwedezeka kunatha, koma kunasiya ngongole. Tsamba likamatseguka kamzere kamakhala kalipo, zenera ndi lalifupi, pomwe `100vh` ikuyezera lalitali. Chilichonse choikidwa kunsi kwenikweni kwa chigawocho chimagwera kunja.

Tiyerekeze tsamba la malo ogona alendo, ndipo foni ili ndi zenera la mapikiseli 640 kamzere kakuoneka, 696 kakabisala. Chigawo choyamba chapatsidwa `height: 100vh`, ndiye kutalika kwake ndi 696. Batani losungitsira chipinda ndi lalitali mapikiseli 48, ndipo lasiya mpata wa mapikiseli 16 kunsi. Ndiye kuti layambira pa 632 n'kuthera pa 680. Mlendo akatsegula tsamba amaona mpaka pa 640 basi, kutanthauza kuti pa batani lonse lija akungoona kamphepete ka mapikiseli 8. Mwini malo, amene anaonetsedwa tsambalo pa laputopu, sadziwa kanthu.

Kwa zaka zingapo opanga mawebusaiti ankazemba vutoli ndi JavaScript. Ankayeza zenera ndi `window.innerHeight`, n'kuika nambalayo mu CSS, ndipo zenera likasintha ankayezanso. Batani linkaoneka ndithu, koma kuyezanso kuja ndi komwe kunkabweretsa kudumpha kumene opanga mabrawuza anali atachotsa. Mawebusaiti ambiri akadali ndi chigamba chimenechi mpaka lero.

Yankho lenileni linafika mu 2022, pamene mabrawuza analandira miyezo itatu yatsopano. Safari 15.4 inayamba mu Malichi, Firefox 101 mu Meyi, Chrome 108 mu Novembala. Muyezo wa `svh` umayezera zenera lalifupi, la `lvh` lalitali, ndipo iwiriyi sisuntha kaya kamzere kabisale kaya kabwere. Pa foni yathu ija `100svh` ndi 640 nthawi zonse, `100lvh` ndi 696 nthawi zonse, chimodzimodzi `100vh` yakale. Wachitatu, `dvh`, ndi wosinthasintha: 640 kamzere kakakhalapo, 696 kakachoka.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Uphungu wofala kwambiri umati paliponse pamene pali `100vh` mungolemba `100dvh`, nkhani yatha. Poyamba zimaoneka ngati zoona, chifukwa batani lija limakwera n'kuoneka lonse. Koma taganizirani zimene `dvh` ikulonjeza: kusintha kutalika kwa chigawo nthawi iliyonse kamzere kakasuntha. Ameneyu ndi Chrome wakale uja wabweranso, kungoti ulendo uno mwamuitana nokha.

Tibwerere ku tsamba la malo ogona lija, tinene kuti lili ndi zigawo zisanu, chilichonse `100dvh`. Mlendo watsika kufika pa chigawo chachinayi, akuwerenga mitengo ya zipinda, kenako wakwera pang'ono kuti aonenso mzere umene waudumpha. Kamzere katulukira. Zigawo zitatu za pamwamba pake, zimene sakuziona n'komwe, zafupika ndi mapikiseli 56 chilichonse, onse pamodzi 168. Chigawo chimene akuwerengacho nacho chafupika, ndipo ngati mawu ake aikidwa pakati, asuntha ndi mapikiseli ena 28. Mabrawuza ena amayesa kugwira malo amene munthu akuwerenga kuti asatayike zapamwamba zikasintha, koma si onse, ndipo ngakhale atagwira, zam'kati mwa chigawo zimasunthabe. Chithunzi chakumbuyo chokhala ndi `background-size: cover` chimayezedwanso, ndiko kututumuka kuja.

Chimene chimapangitsa kuti zioneke zonyansa ndi chakuti brawuza siwerengera `dvh` pikiseli ndi pikiseli kamzere kakamatsetsereka. Kuyala tsamba lonse mwatsopano pa kusuntha kulikonse kungalemetse foni, choncho brawuza imachedwetsa, nthawi zambiri mpaka kamzere kataima kapena chala chitachoka. Kusintha konse kumabwera kamodzi n'kamodzi. N'chifukwa chake diso limaona kudumpha, osati kutambasuka kwapang'onopang'ono.

Ine ndimati pa chigawo chilichonse chimene chimayenda limodzi ndi tsamba, muyezo woyenera ndi `svh`. Zili ngati telala wosokera mwana yunifolomu: amayeza kamodzi n'kudula, sakhala akufutukula ndi kupindanso mpendero mwana akaimirira kapena akawerama. Kalembedwe kake ndi aka:

```css
.chigawo {
  min-height: 100vh;
  min-height: 100svh;
}
```

Pa foni yathu ija chigawo chikhala 640. Batani liyambira pa 576 n'kuthera pa 624, lonse poyera. Kamzere kakabisala palibe chimene chikuyezedwanso, kungoti kunsi kukuonekera mapikiseli 56 a chigawo chotsatira. Ena okonda zooneka bwino amanyansidwa ndi kachidutswa kameneka, koma kwa owerenga kamathandiza, kamawauza kuti kunsi kuli zina.

Mizere iwiriyo ili choncho dala. Brawuza ikakumana ndi muyezo umene siudziwa imangonyalanyaza mzere wonsewo n'kutsala ndi wapamwamba. Izi n'zofunika kumene anthu ambiri amagwiritsa ntchito mafoni akale ogula kwa ena, monga kwathu kuno. iPhone 6 inathera pa iOS 12, ndiye Safari yake sidzadziwa `svh`. Mukalemba mzere wachiwiri wokha, pa foni yotereyi chigawo chimangofwamphuka n'kutsala msinkhu wa mawu ake. Komanso onani kuti talemba `min-height`, osati `height`. Wina akakulitsa zilembo chifukwa cha maso, kapena akagoneka foni chopingasa, mawu amafuna malo oposa zenera, ndipo `min-height` imalola chigawo kukula m'malo moti mawu asefukire pa chigawo chinzake.

Si kuti `dvh` ilibe ntchito. Imayenera pa zinthu zimene zimakhala pamwamba pa tsamba ndipo sizikankha china chilichonse: menyu yotseguka kudzaza sikirini, bokosi lofunsa ngati mukuvomera, kapena tsamba la macheza lokhala ndi mutu pamwamba ndi polembera uthenga kunsi. Zoterezi ziyenera kukwana ndendende m'zenera momwe lilili, ndipo zikatalika ndi mapikiseli 56 palibe mawu apansi amene asunthe. Nayo `lvh` ndi ya chithunzi kapena mtundu wakumbuyo umene mukufuna kuti usasiye mpata woyera kamzere kakachoka. Kukula kwa zilembo kokha musakuyezere ndi `dvh`, chifukwa ndiye kuti mawu enieniwo azikula ndi kuchepa munthu akuwerenga.

Pali malire amodzi amene amadabwitsa ngakhale akatswiri. Kiyibodi ya pa sikirini siwerengedwa m'miyezo imeneyi. Ikatuluka n'kutenga pafupifupi theka la sikirini, `100dvh` imakhalabe momwe inalili, ndipo polembera uthenga pamene munaika kunsi pakhoza kubisika kuseri kwake. Safari yakhala ikuchita choncho, ndipo Chrome ya pa Android inayamba kutero pa Chrome 108 yomweyo. Mu Chrome mungabwezere khalidwe lakale powonjezera `interactive-widget=resizes-content` pa mzere wa `viewport` kumutu kwa tsamba, koma musadalire kuti brawuza iliyonse imvera.

Kuzindikira chimene chavuta pa tsamba sikufuna zida zambiri. Litseguleni pa foni, musakhudze kanthu. Ngati kunsi kwadukira koma kukuonekera mukangotsika pang'ono, ndi `100vh`. Ngati zonse zikukwana koma tsamba likugwedezeka pa mphindi imene kamzere kabisala kapena kubwera, ndi `dvh` kapena chigamba cha JavaScript chija. Fufuzani mawu akuti `dvh` ndi `innerHeight` m'mafayilo. Kugwedezeka kumene kumachitika tsamba likungotseguka, kamzere kasanasunthe, ndi nkhani ina: kawirikawiri ndi zithunzi kapena zotsatsa malonda zimene zafika mochedwa popanda kusungiridwa malo, ndipo miyezo iyi singachize zimenezo.

Chomaliza chipite kwa amene mumalipira munthu kuti akupangireni webusaiti. Chrome ya pa kompyuta ili ndi kachida koonetsa tsamba ngati lili pa foni, ndipo opanga ambiri amayesera pomwepo. Kachidako kalibe mzere wa adiresi wobisala, kotero `vh`, `svh`, `lvh` ndi `dvh` zonse zimapereka nambala imodzi ndipo vuto silioneka. Musanalandire ntchito, tsegulani tsambalo pa foni yeniyeni, ya Android ndi ya iPhone ngati mungaipeze, mutsike mpaka pakati, mukwere pang'ono, muchotse chala, muone ngati mawu akhala pomwe munawasiya.