Banki ndi nkhokwe, foni ndi lichero: lumikizani ziwirizi mosamala

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ambiri mumakhala ndi ndalama m'malo awiri. Amene mumagulitsa fodya kumisika ya okushoni ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu mumalandira ndalama zanu kudzera kubanki. Amene mumagulitsa soya, mtedza kapena nandolo kwa ogula a m'mudzi, nthawi zambiri amakulipirani pamanja kapena pafoni. Vuto limabwera pamene ndalama zili kubanki koma aganyu akudikira malipiro pakhomo, kapena pamene zadzadza pafoni ndipo mukuona kuti sizifika nthawi yogula feteleza.

Mukalumikiza akaunti yanu ya kubanki ndi ya pafoni, mutha kusuntha ndalama mbali zonse ziwiri muli pakhonde panu, ngakhale ndi foni ya mabatani yopanda intaneti. Muziona banki ngati nkhokwe ndipo foni ngati lichero. M'nkhokwe ndimo mumakhala chimanga cha chaka chonse, m'lichero mumangotapiramo chokwanira kuchigayo.

Yambani ndi dzina ndi nambala

Chimene chimamanga akaunti ziwirizi pamodzi ndi nambala ya foni yanu. Choncho musanapite kubanki, tsimikizani kuti simukadi imene mukugwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina lanu, ndi chiphaso chanu cha unzika. M'dera limene ndimagwira ntchito ndapeza alimi ambiri akuyenda ndi simukadi imene anawagulira mwana kapena mlamu wawo m'tauni. Foni yotereyi ikatayika, amene angakabwezeretse nambalayo ndi mwini dzina, osati inu. Ngati zili choncho kwa inu, lembetsani nambala yanuyanu, ndipo mutsegulepo Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Mukatero, tengani chiphaso cha unzika, foni ndi nambala ya akaunti, mupite kunthambi ya banki yanu. Kauzeni wogwira ntchito kuti mukufuna kulembetsa kuti muzigwiritsa ntchito akaunti yanu pafoni. Muli pomwepo, funsani zinthu zitatu. Choyamba, nambala ya foni imene ili m'mabuku awo ndi iti? Ngati ndi yakale, aisinthe. Chachiwiri, kodi akaunti yanu ikugwirabe ntchito? Akaunti imene yakhala miyezi yambiri osaikamo kapena kutapamo kanthu, banki imaigoneka, ndipo izi zimachitikira kwambiri ife alimi amene timalandira ndalama kamodzi pachaka. Chachitatu, ndi ndalama zingati zimene amalola kutumiza patsiku, ndipo amadula zingati ulendo uliwonse?

Akamaliza kukulembetsani, mudzasankha nambala yachinsinsi, imene pafoni imalembedwa kuti PIN. Tsopano mudzakhala ndi nambala zachinsinsi ziwiri, ya banki ndi ya akaunti ya pafoni. Zikhale zosiyana, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa chakacho chinalembedwa pachiphaso chanu.

Amene mumagulitsa kudzera m'kalabu dziwani kuti akaunti ya kalabu, imene imafuna anthu awiri kapena atatu osayinira, si yoti munthu mmodzi aziyendetsa pafoni yake. Gawo lanu liyambe lalowa muakaunti yanuyanu, kenako muzichita zimene tikukambiranazi.

Yesani ndi ndalama zochepa

Nambala zimene mumayimba kuti mutsegule khomo lililonse ndi izi:

```
Airtel Money    *211#
TNM Mpamba      *444#
National Bank   *626#
Standard Bank   *247#
NBS Bank        *322#
FDH Bank        *525#
```

Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti mumayambira kumene kuli ndalama. Ngati zili kubanki ndipo mukuzifuna pafoni, imbani nambala ya banki yanu. Sankhani potumizira ndalama, kenako sankhani Airtel Money kapena Mpamba, lembani nambala ya foni yolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Foni idzakuonetsani zimene mwalembazo kuti mutsimikize. Werengani mofatsa, makamaka maziro, chifukwa K20,000 ndi K200,000 zimasiyana ndi ziro mmodzi yekha.

Ngati ndalama zili pafoni ndipo mukufuna zikalowe kubanki, imbani ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Sankhani pamene pali za mabanki, sankhani banki yanu, lembani nambala ya akaunti ndi kuchuluka kwa ndalama, mutsirize ndi nambala yachinsinsi ya pafoni. Dziwani kuti nambala ya akaunti si imene inadindidwa ndi manambala akuluakulu pamwamba pa khadi yotapira ndalama pamakina. Apempheni a kubanki akulembereni nambala ya akaunti papepala, muisunge m'buku lanu la zaulimi.

Ulendo woyamba, yesani musanachoke pabanki. Tumizani K2,000 kuchoka kubanki kupita pafoni, mudikire mauthenga awiri: wina wochokera kubanki wonena kuti ndalama zatuluka, wina wochokera ku Airtel Money kapena Mpamba wonena kuti zalowa. Kenako bwezani K1,000 kubanki. Mukafunsa zotsala mbali zonse ziwiri musanatumize ndiponso mutatumiza, mudzaona nokha zimene akudula. Chikavuta, okuthandizani ali pafupi, simudzalipiranso thiransipoti kuti mubwerere.

Zimene zinawachitikira bambo wina

Mlimi wina wa fodya amene ndimamuyendera anapeza K1,200,000 muakaunti yake atamudula kale ngongole ya zipangizo ndi zolipira zina. Pakhomo panali aganyu anayi amene anamuthandiza kusankha ndi kudinda mabelo, ndipo onse pamodzi ankayenera kulandira K180,000. Kale bamboyu akanakwera kabaza mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi kupita kuboma, n'kuima pamzere tsiku lonse, n'kubwerera madzulo ndi ndalama m'thumba.

Ulendo uno anakhala pansi pa mtengo pamene pamagwira netiweki n'kutumiza K180,000 kufoni yake. Uthenga wa banki unabwera wonena kuti ndalama zatuluka. Pafoni sipanalowe kanthu. Atadikira pang'ono mtima unamuthamanga, ndipo anatumizanso K180,000 ina. Dzuwa likupendeka, mauthenga awiri analowa motsatizana: pafoni panali K360,000. Palibe imene inasowa, koma analipira kawiri ndalama yotumizira, n'kudzalipiranso kachitatu pobweza yotsalayo kubanki. Choipa kwambiri n'chakuti masiku awiri amene ndalamazo zinagona pafoni, K40,000 inapita ku zinthu zimene sizinali pabajeti.

Phunziro lake ndi lakuti ndalama zikatuluka mbali imodzi koma osafika mbali inayo, musatumizenso. Yambani mwafunsa zotsala kubanki ndi pafoni, chifukwa nthawi zina ndalama zimafika koma uthenga ndi umene umachedwa. Ngati kubanki sizinachepe, ndiye kuti sizinapite, mutha kuyesanso. Ngati zachepa koma pafoni palibe, ndiye kuti zili m'njira: zidzafika kapena zidzabwerera kumene zinachokera. Musafufute uthenga uja. M'kati mwake muli nambala ya umboni imene akakufunseni pofufuza. Ikopereni m'buku pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Tsiku likatha zisanaoneke, kadandauleni kumbali imene ndalama zinachokera, ndipo mufunse kuti akuyankhani liti.

Nthawi zina foni imakana pomwepo. Kawirikawiri zifukwa zake zimakhala zakuti mwapyola malire a patsiku, akaunti ya pafoni yafika pamlingo umene imaloledwa kusunga, kapena mwalemba ndalama zonse zimene muli nazo osasiya yolipirira kutumizako. Chepetsani pang'ono n'kuyesanso. Mukalakwitsa nambala yachinsinsi kawiri, imani kaye mukumbukire bwino, chifukwa mukapitiriza kulakwitsa akutsekerani.

Tapani mwa dongosolo

Pali malo atatu amene ndalama zanu zingadulidwe: pochoka kubanki kupita pafoni, potapa kwa ejenti, ndi pochoka pafoni kupita kubanki. Mitengo yake imasintha, choncho muziwerenga imene yaikidwa kwa ejenti ndi kubanki. Koma tiyerekeze kuti kutumiza kamodzi akukudulani K500. Mukamatumiza tsiku ndi tsiku, pamwezi wa masiku 30 mwataya K15,000. Mukamatumiza kamodzi pasabata, mwalipira K2,000 yokha. Khalani pansi ndi banja lanu Lamlungu madzulo, muwerengere za sabata yonse, mutape kamodzi.

Pogula feteleza ndi mbewu, funsani kusitolo ngati amalandira malipiro a pafoni kapena a kubanki. Mukalipira mwachindunji, mwapewa kudulidwa kwa ejenti, komanso simuyenda ndi mtolo wa ndalama pamsewu. Tumizani muli m'sitolomo, mutaona katundu, ndipo dzina limene latuluka pafoni lifanane ndi limene lapachikidwa pakauntala.

Mbali yobwezera kunkhokwe ndi imene ambiri timaiwala. Wogula soya akakulipirani K450,000 pafoni, musakhulupirire uthenga wokha umene akukuonetsani kapena umene walowa. Imbani nokha mufunse zotsala matumba asanakwere galimoto. Mukatsimikiza, siyani pafoni ya pakhomo, mwina K50,000, yotsalayo ipite kubanki tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti ngati muli ndi ngongole yotsalira kubankiko, kapena ndalama zosungitsira akaunti zimene zinaunjikana, banki itha kudula ndalama zikangolowa. Nkhani imeneyi muifunsiretu.

Foni yanu tsopano ndi kiyi wa nkhokwe

Mukalumikiza, aliyense amene ali ndi simukadi yanu ndi nambala zanu zachinsinsi angathe kukokolola zonse za kubanki. Wina akakuyimbirani kuti ndi wa kubanki kapena wa kukampani ya foni, n'kukupemphani nambala yachinsinsi kapena kukuuzani manambala oti mudine kuti "akonze" akaunti yanu, dulani foniyo. Ogwira ntchito enieni safunsa nambala yachinsinsi. Ngati maso amakuvutani ndipo mdzukulu ndi amene amakuwerengerani, iye awerenge, koma nambala yachinsinsi muzidina nokha.

Foni ikatayika kapena kubedwa, kapena simukadi ikangosiya kugwira mwadzidzidzi pamene za anzanu zikugwira, musadikire mawa. Bwerekani foni, muwadziwitse a kubanki kuti atseke njira ya pafoni, ndiponso a kampani ya foni kuti atseke nambalayo. Nambala zawo zothandizira makasitomala muzilembe m'buku lero. Ndipo simukadi imene munalembetsa kubanki musaisiye m'chikwama kudikira msika wa chaka chamawa. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka ndipo pambuyo pake imatha kuipereka kwa munthu wina. Muziimbirako ndi kuikamo mayunitsi mwezi ndi mwezi.

Ndalama za chaka chino zisanayambe kulowa, patulani tsiku limodzi. Nyamulani chiphaso, foni, buku ndi K2,000 yoyesera, mukakonze zonsezi kubanki.