Kasitomala akapempha zomwe sizili m'pangano

Pempho la kasitomala likapyola zomwe anagwirizana, wogwira ntchito amayenera kulemba imelo asanaikhudze ntchito yatsopanoyo. Akayamba waigwira kaye, mtengo umadzakambidwa zonse zitatha, ndipo kasitomala amakana ndi chifukwa chomveka: sanauzidwe kuti alipira.

Mwachitsanzo, wopanga mawebusaiti wagwirizana ndi mwini loji kuti ampangira masamba asanu pa K900,000 m'masabata anayi. Sabata lachitatu, mwini lojiyo watumiza uthenga pa WhatsApp woti alendo azithanso kusungitsa chipinda ndi kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Iye akuona ngati ndi kabatani kamodzi. Koma pakufunika kalendala ya zipinda, kulumikiza njira yolipirira, komanso kuyesa kuti alendo awiri asapatsidwe chipinda chimodzi usiku womwewo.

Asanalembe, wopangayo amawerenganso pangano. Ngati chopemphedwacho ndi kukonza cholakwika chake, monga tsamba losatseguka pafoni, salipiritsa. Ngati mawu a m'pangano ndi otambalala, monga "webusaiti yathunthu ya loji", kasitomala ali ndi poyambira, ndipo chilungamo n'kukambirana. Imelo yolipiritsa imayenera pokhapo pamene ntchito zogwirizanazo zinatchulidwa imodziimodzi.

Mkati mwake mukhoza kukhala motere:

"Bambo, zikomo chifukwa cha ganizo loti alendo azisungitsa zipinda pawebusaiti. Pangano lathu, lomwe ndaliphatikiza pano, likutchula masamba asanu ndi fomu yofunsira, choncho ntchitoyi ndi yowonjezera. Ndingathe kuigwira pa K450,000, ndipo tsiku lomaliza lisuntha ndi masabata awiri. Mukafuna, timalize kaye masamba asanuwo pa tsiku lomwe tinagwirizana, kusungitsa zipindako kudzabwere pambuyo. Chonde mundiyankhe pa imelo yomweyi pofika Lachisanu kuti mwasankha ziti. Pakadali pano ndikupitiriza zomwe tinagwirizana."

Imeloyi sikunena kuti kasitomala walakwa kupempha. Ikuloza pepala lomwe onse awiri anavomereza, kenako n'kutchula mtengo ndi nthawi pamodzi. Kunena za nthawi n'kumene ambiri amaiwala, ndipo kasitomala amalipira zowonjezera koma n'kumayembekezerabe tsiku lakale lija.

Chomwe chimaononga imelo zotere kawirikawiri ndi manyazi. Wolemba amapepesa kangapo, kenako n'kunena kuti "za ndalama tidzaonana". Kasitomala akawerenga zimenezi amamva kuti pali mpata woti ntchitoyo ichitike mwaulere, ndipo yankho lake limangokhala loti "yambani" osatchula ndalama. Yankho lotere silokwanira. Wopangayo amafunsanso kuti mtengo ndi tsiku latsopano zivomerezedwe polemba. Akagwirizana pafoni, amatumiza imelo yobwereza zomwe amvana, ndipo ntchito yowonjezerayo amailemba pamzere wakewake pa invoisi.