Phukusi limodzi likatayika panjira

Chithunzi chimene mumatumiza pa intaneti sichiyenda chathunthu. Chimadulidwa m'timaphukusi, kalikonse ndi nambala yake, ndipo wolandira amayankha kuti kafika. Wotumiza sadikira yankho la kamodzikamodzi ayi, amaloledwa kukhala ndi angapo panjira nthawi imodzi. Chiwerengero chimenechi akatswiri amachitcha zenera, ndipo limasunthira kutsogolo mayankho akamabwera.

Tinene kuti zenera ndi la maphukusi 4. Phukusi 0 ndi 1 afika bwino, tsopano panjira pali 2, 3, 4 ndi 5. Mwatsoka 2 watayika.

Njira yotchedwa Go-back-N ndi youma mtima. Wolandira akufuna 2 basi, choncho 3, 4 ndi 5 akafika amawataya, ngakhale alibe chilema. Nthawi yodikira ikatha, wotumiza amabwerera pa 2 n'kutumizanso onse anayi. Ubwino wake ndi wakuti wolandira sasowa nkhokwe, amangokumbukira nambala imodzi imene akuyembekeza.

Njira ya Selective Repeat imasunga 3, 4 ndi 5 pambali, n'kuyankha lililonse palokha. Wotumiza amabwereza 2 yekha, ndipo akafika onse anayi amaperekedwa mwandondomeko.

Pa zenera la 4 kusiyanaku n'kochepa. Koma pa setilaiti yakutali, pamene yankho limatenga pafupifupi theka la sekondi, zenera liyenera kukula kuti njira isakhale yopanda ntchito. Likakhala la maphukusi 1,000, Go-back-N ingabwereze onsewo chifukwa cha limodzi. Apa ine ndimaona kuti kusankha n'kopambana, komabe pali mtengo wake: ngati phukusi lili ndi mabaiti 1,500, wolandira akonze malo a mabaiti pafupifupi 1,500,000. N'chifukwa chake TCP inalandira SACK mu 1996, njira yoti wolandira azinena zidutswa zimene wasunga kale.

Palinso msampha umene ambiri sauona. Manambala amatha n'kuyambiranso. Akakhala 0 mpaka 7, Go-back-N imatha kugwira ndi zenera la 7, koma Selective Repeat isapitirire 4, theka la manambalawo. Taonani chimene chingachitike itapatsidwa 7. Maphukusi 0 mpaka 6 afika, koma mayankho onse atayika. Wolandira wasuntha kale zenera lake, akudikira 7, kenako 0 watsopano mpaka 5. Wotumiza, poti sanamve kanthu, akubwereza 0 wakale uja. Wolandira amulandira ngati watsopano, ndipo chithunzi chimaonongeka popanda chenjezo lililonse, chifukwa phukusilo lilibe vuto, langolowa pamalo osakhala ake. Zenera likakhala la 4, wolandira akanakhala akudikira 4 mpaka 7, ndipo 0 wobwerezayo akanamuzindikira kuti ndi wakale, n'kumutaya, n'kutumizanso yankho lake.