Ngalande ya Mamita 600: Kuwerengera Ndalama za Aganyu

Komiti ya madzi ikafuna kukumbitsa ngalande ya mapaipi, funso loyamba pa msonkhano limakhala lakuti, “Kodi aganyu tiziwapatsa zingati pa tsiku?” Anthu amakangana mpaka dzuwa kupendeka, ena akuti zachepa, ena akuti zachuluka. Chonsecho ndalama zikadzathera panjira, kawirikawiri vuto silikhala mtengo wa pa tsikuwo. Limakhala chiwerengero cha masiku, komanso tinthu tina timene palibe anatilemba.

Tiyerekeze kuti ngalandeyo ndi ya mamita 600, kuchokera pa thanki kukafika pa sukulu, ndipo mwagwirizana K6,000 pa tsiku. Mitengo ya m'nkhani ino ndi yongoyerekezera; inu muikepo ya kwanuko. Koma musanatchule mtengo, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu malipiro otsikitsitsa amene boma likulola panopa, chifukwa amasinthasintha. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, ndipo mu 2024 anafika pa K90,000. Kuti mupeze za pa tsiku mumagawa ndi masiku 26, choncho K90,000 ija inali K3,461.54 pa tsiku.

Msungichuma wofulumira amati: munthu mmodzi amakumba mamita 5 pa tsiku, ndiye ngalande yonse ndi masiku 120, kuchulukitsa ndi K6,000, yakwana K720,000. Amatseka kope, anthu n'kuwomba m'manja.

Akanayamba wayenda m'njira ya ngalandeyo ndi piki m'manja, n'kumajeba apa ndi apo. Akanapeza kuti mamita 500 ndi dothi lofewa, koma mamita 100 a pafupi ndi msewu ndi nsangalabwi zokhazokha, pamene piki imadumpha n'kumalira. Pamenepo munthu wamphamvu akakumba mamita 2 pa tsiku ndiye kuti wayesetsa. Ndiye dothi lofewalo ndi masiku 100, pamiyalapo masiku 50. Mapaipi akaikidwa, ngalande iyenera kukwiriridwa ndi kutsenderedwa, ntchito imene pafupifupi aliyense amaiiwala polemba bajeti. Pa mamita 20 munthu mmodzi pa tsiku, ndi masiku ena 30. Onse pamodzi akwana 180, osati 120, ndipo ndalama yake ndi K1,080,000.

Masiku 180 amenewa ndiwo msana wa bajeti yonse. Mukalemba anthu 15, agwira masiku 12, kutanthauza masabata awiri, Lolemba mpaka Loweruka. Mukalemba 30, amaliza sabata imodzi, koma malipiro awo onse sasintha. Chimasintha ndi chakuti mufunika mapiki ndi mafosholo ochuluka, ndipo kapitawo mmodzi sangawaone onse.

Tsono pali anthu amene sagwira piki koma ntchito siyenda popanda iwo. Kapitawo, wolemba mayina ndi kuyeza ndime, tinene K9,000 pa tsiku, ndi K108,000. Mapaipi sangagone okha panja. Mlonda wa usiku 14 ndi K84,000. Wophika, masiku 12, K72,000.

Nkhani ya phoso ndi imene imadanitsa anthu kwambiri. Mukapanda kunena poyamba ngati chakudya chili m'kati mwa K6,000 ija kapena n'chapadera, mudzamva tsiku lachiwiri masana, anthu atakhala pansi pa mtengo: “Bwana, ife wamba sitingakumbe ndi njala.” Ndipo sakunama. Ine ndimaona kuti kuphika pamalopo kumaposa kupereka alawansi ya chakudya m'manja. Wolandira ndalama amapita kumsika nthawi ya nkhomaliro n'kubwerako mochedwa, kapena amaisungira ana kunyumba n'kumakumba m'mimba muli gwa, ndime osatha. Nsima ya mgaiwa, nyemba kapena usipa, mchere, mafuta ndi nkhuni, tinene K1,500 pa munthu. Akudya ndi 17, kuphatikiza kapitawo ndi wophika, kwa masiku 12: K306,000. Alawansi ya mayendedwe ikhale ya okhawo ochokeradi kutali, ndipo mtunda wake unenedwe pamaso pa onse, apo ayi mawa lake aliyense adzakhala wochokera kutsidya.

Tikaphatikiza zonsezi tafika pa K1,650,000. Onjezanipo gawo limodzi mwa magawo khumi, K165,000, la zogwa mwadzidzidzi: mpini wothyoka, munthu wodzitema phazi wofunika kuthamangira naye kuchipatala, ufa wokwera mtengo. Amene ankayendetsa ntchito mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amadziwa mmene mitengo imasinthira ntchito ili m'kati. Bajeti yoona ndi K1,815,000, kuposa kuwirikiza kawiri ndi theka K720,000 imene anthu anaiwombera m'manja ija.

Komabe ndalama yapadera ija siichedwa kutha. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola a masiku onse asapitirire 48 pa sabata. Ola lililonse lowonjezera limalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo kugwira tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma n'kuwirikiza kawiri. Pa K6,000 ya maola 8, ola limodzi ndi K750, la ovataimu K1,125. Mukachedwa n'kuganiza zoti anthu 15 aja abwere Lamulungu, aliyense ndi K12,000, onse K180,000. Tsiku limodzi lokha lameza ndalama yonse ya zadzidzidzi, n'kusiyanso ngongole.

N'chifukwa chake ambiri amakonda kulipira pa ndime, osati pa tsiku. Masamu ake ndi omwewo: K6,000 kugawa ndi mamita 5 ndi K1,200 pa mita, ndipo pamiyala paja K3,000 pa mita. Mukaika mtengo umodzi ponseponse, onse adzathamangira pofewa, miyala ija n'kutsala ikukuyang'anani. Ubwino wa ndime ndi woti mvula ikagwa kapena wina akajomba, bajeti siisuntha. Kuipa kwake n'koti munthu amathamangira utali n'kuiwala kuya. Dulani ndodo yofanana ndi kuya kumene mwagwirizana, kapitawo aziyenda nayo m'ngalandemo asanalembe mita iliyonse. Muonetsetsenso ngati ndime mwaiyeza mwachilungamo: anthu ambiri akamalephera kufika pa malipiro a tsiku ngakhale agwire mpaka madzulo, si ulesi ayi, ndimeyo yakula.

Za tsiku la mvula, ngati mukulipira pa tsiku, mugwirizane ntchito isanayambe. Munthu wayenda mtunda, wafika, wagwira maola awiri, mvula n'kutsika. Alandira theka kapena zonse? Chilichonse chimene mungasankhe, chilembedwe m'kope momwe muli mayina.

Kope limenelo likhale ndi dzina, tsiku, mamita ndi siginecha kapena chidindo cha chala, ndipo mayina aziitanidwa m'mawa ndi poweruka, wina wa komiti ali pomwepo. Mukaona m'kope muli anthu 18 koma mbale za nsima zikutuluka 15, dziwani kuti atatuwo akudyera m'thumba la wina. Malipiro akhale Loweruka lililonse, chifukwa waganyu sangadikire mwezi. Pofika Lachisanu K540,000 ya okumba ikhale ili m'manja, yosinthidwa kale kukhala ndalama zing'onozing'ono. Ngati mukutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, ndalama yotapira ikhale yanu ndipo ilowe m'bajeti. Munthu amene munagwirizana naye K36,000 pa sabata atuluke kwa ejenti ali ndi K36,000 yathunthu.