MOYO WA MALONDA: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MSIKA WA MARAMBA

 Madzulo ano tikambirana funso limene limabwera kawirikawiri, lakuti: "Fotokozani misinkhu inayi ya moyo wa katundu wogulitsa, ndipo nenani zimene wamalonda ayenera kusintha pa msinkhu uliwonse." Ambiri amaloweza maina anayiwo, koma amalephera pa mbali yachiwiri ya funsolo. Tsono tiyeni tipite ku Livingstone, ku msika wa Maramba, tipitirire pa matebulo a kapenta, a salaula ndi a zitenje, tikaime pa tebulo la wogulitsa mafoni a mabatani. Foni imeneyi yapyola misinkhu yonse makolo anu akuona.

Chiphunzitso chimenechi chinatchuka m'chaka cha 1965, pamene Theodore Levitt wa ku sukulu ya Harvard ku Amerika analemba za icho. Mfundo yake ndi yakuti katundu amabadwa, amakula, amakhwima, ndipo potsiriza amafota. Pa msinkhu uliwonse wamalonda amayang'ananso zinthu zinayi: katundu mwini wake, mtengo, malo ogulitsira, ndi kulengeza. Zinayizi ndizo mafupa a yankho lanu.

Msinkhu woyamba ndiwo kubadwa. Mafoni a m'manja analowa m'Zambia m'zaka za m'ma 1990, ndipo kampani ya Zamcell, imene pambuyo pake inatchedwa Celtel, kenaka Zain, ndipo kuyambira 2010 Airtel, inayamba nchito m'chaka cha 1998. Masiku amenewo foni inali ya mabwana. Ogula anali owerengeka, mitundu ya mafoni inali yochepa, ndipo inkapezeka m'masitolo a m'tauni okha, osati pa tebulo la pamsika. Pa msinkhu uwu phindu limakhala laling'ono kapena palibiretu, pakuti ndalama zopangira ndi zolengezera zimapambana zolowa. Nchito ya kulengeza ndiyo kuphunzitsa anthu kuti chinthuchi n'chiyani. Pa mtengo pali njira ziwiri: kuyamba ndi mtengo wokwera kuti olemera abweze msanga ndalama zimene zinalowa, kapena kuyamba ndi mtengo wotsika kuti anthu ambiri agule opikisana nawo asanadzuke. Mafoni anatsata njira yoyambayo.

Msinkhu wachiwiri ndiwo kukula. M'zaka za m'ma 2000 mafoni otsika mtengo anafika, monga Nokia 3310 ya m'chaka cha 2000 ndi Nokia 1100 ya mu 2003, yokhala ndi tochi kumutu. Malonda anakwera mofulumira, phindu linaoneka, ndipo phindulo linaitana opikisana nawo, monga uchi uitanira nyerere. Apa wamalonda salalikiranso kuti foni n'chiyani, chifukwa aliyense wadziwa; amalalikira chifukwa chake munthu agule yake osati ya mnzake. Amachulukitsa malo ogulitsira, amawonjezera mitundu, ndipo amayamba kutsitsako mtengo. Choopsa chachikulu pa msinkhu uwu ndicho kutha kwa katundu: wogula akapeza tebulo lanu liri lopanda kanthu, amapita pa lina ndipo sabweranso.

Msinkhu wachitatu ndiwo kukhwima, ndipo nthawi zambiri ndiwo wotalika koposa. Pafupifupi aliyense wofuna foni ali nayo. Wogula lero ndi uja yake yatayika kapena yagwera m'madzi. Malonda ali pamwamba koma sakukweranso, ogulitsa achuluka, ndipo amalimbana pa mtengo. Motero phindu la pa foni imodzi limachepa. Opanga monga Itel ndi Tecno anayankha ndi kusiyanitsa katundu wawo: foni yolowa masimu awiri, ya wailesi, ya batire yokhalitsa. Naye wa pa Maramba amasiyanitsa malonda ake mwa kulonjeza kusintha foni ikafa msanga, kapena kuika ndi chachajira pa mtengo womwewo, kuti wogula wakale asamthawe.

Msinkhu wachinayi ndiwo kufota. M'chaka cha 2013, pa dziko lonse, mafoni a galasi otsegula intaneti anayamba kugulidwa koposa a mabatani. Katundu akafota wamalonda ali ndi njira zitatu. Angathe kumsiya, nagulitsa wotsala pa mtengo wotsika. Angathe kumkama, ndiko kuti kupitiriza kugulitsa mitundu iwiri kapena itatu yoyenda bwino popanda kutayanso ndalama pa kulengeza. Kapena angathe kutalikitsa moyo wake mwa kumpezera ogula atsopano kapena nchito yatsopano. Foni ya mabatani inapeza zonse ziwiri: alimi akumidzi kumene kulibe magetsi amaikonda chifukwa batire yake imakhala masiku angapo, ndipo imatumiza ndi kulandira ndalama monga inzake yodulayo. Ngakhale dzina la Nokia 3310 linaukitsidwa m'chaka cha 2017 m'maonekedwe atsopano.

Tsono tiyeni tiyese funso monga la pa mayeso. Manambalawa ndi ongoyerekezera. Mai wina wa pa Maramba amapikula mafoni ku Kamwala ku Lusaka. Pa zaka zisanu ndi chimodzi anagulitsa motere: 40, 120, 300, 330, 335, 260. Chaka chachitatu ankapindula K60 pa foni imodzi. Chaka chachisanu K35 yokha. Funso likuti: chaka chachisanu malonda ali pa msinkhu uti?

Wophunzira wofulumira amati ndi kukula, poona kuti 335 ndiyo nambala yaikulu koposa. Walakwa. Yang'anani kusiyana kwa chaka ndi chaka: anawonjezera 80, kenaka 180, kenaka 30, kenaka 5 okha. Kukwera kwazirala, ndiko kukhwima. Werenganinso phindu: chaka chachitatu 300 kuchulukitsa ndi K60 ndi K18,000, chaka chachisanu 335 kuchulukitsa ndi K35 ndi K11,725. Maiyo wagulitsa mafoni ambiri koma wapita kunyumba ndi ndalama zochepa. Yankho labwino litchule msinkhu, lipereke umboni wa manambalawa, linene chosintha pa chirichonse cha zinthu zinayi zija, ndipo pa chirichonse liike mawu akuti "chifukwa". Mwachitsanzo: "Achepetse mitundu yosayenda, chifukwa ndalama zake zagona m'katundu amene phindu lake likutha."

Chenjerani ndi misampha iwiri. Woyamba, kutsika kwa miyezi yowerengeka sindiko kufota. M'Januwale, makolo atalipira za sukulu ndipo alimi asanakolole, malonda ambiri amagwa, nadzukanso dzinthu zikagulitsidwa. Kufota kumadziwika pamene kutsikako kwapitirira chaka ndi chaka, ndipo pali katundu wina amene walanda malo. Wachiwiri, si katundu yense amene amatsata njira imeneyi mofanana. Mchere ndi ufa zakhala pa kukhwima kuyambira kale, pamene chitenje cha chisankho chimabadwa ndi kufa m'miyezi yochepa. Ndiponso katundu mmodzi angathe kufota ku Lusaka ali chikhwimire ku midzi ya ku Kazungula. Wophunzira amene alemba malire otere m'ndime yake yotsiriza amasonyeza woyesa kuti wamvetsa.

Loweruka likudzali pitani ku msika wa kwanu, musankhe zinthu zinayi, ndipo mufunse ogulitsa mwaulemu ngati zikuyenda koposa chaka chatha, ndi kuti ogulitsa anzawo achuluka kapena achepa. Mayankho awiriwo adzakuuzani msinkhu wa chirichonse.